Lipoti likuti aika mijigo, nanga madzi akutuluka?

Malipoti a mabungwe opereka thandizo amabwera pa mapepala osalala, ndi chithunzi cha mwana akumwetulira pachikuto. Ambiri a ife timangowerenga manambala akuluakulu nkugwedeza mutu. Koma funso loyenera kufunsa lipoti lotere ndi lakuti: kodi likutiuza zimene bungwelo lachita, kapena zimene zasintha pa moyo wa anthu? Ziwirizi nzosiyana, ndipo nkhani ya mjigo wa PlayPump itithandiza kuona kusiyanako.

Mjigo umenewu unachokera ku South Africa. Unali gudumu lalikulu lopingasa limene ana amalikankha nkumakwerapo likuzungulira, ndipo kuzungulirako kumapopa madzi kupita mu thanki ya pamwamba. Ana azisewera, mudzi uzimwa. Mu 2006 mai Laura Bush, mkazi wa mtsogoleri wa dziko la America pa nthawiyo, analengeza thandizo la madola oposa 16 miliyoni. Cholinga chinali kuika mijigo 4,000 pofika 2010 kuti anthu 10 miliyoni apeze madzi abwino. Ina inaikidwa kuno ku Malawi, ina ku Mozambique ndi ku Zambia.

Tsono tengani pensulo. Anthu 10 miliyoni pa mijigo 4,000 ndiye kuti mjigo umodzi ukutumikira anthu 2,500. Mlingo umene mabungwe othandiza pa ngozi amagwiritsa ntchito ndi wakuti munthu asapeze madzi ochepera malita 15 patsiku, ndowa ya malita 20 ija osadzaza nkomwe. Mjigo umodzi uyenera kutulutsa malita 37,500 patsiku. Eni ake ankati ukamayenda bwino umapopa malita 1,400 pa ola. Gawani manambala awiriwo: ana ayenera kuzunguza gudumulo pafupifupi maola 27 patsiku, osapuma, osadya, osapita kusukulu. Tsiku lili ndi maola 24! Nyuzipepala ya Guardian ya ku Britain inasindikiza masamu amenewa mu 2009, koma aliyense wofika Sitandade 6 akanatha kuwachita kale, pogwiritsa ntchito manambala a bungwelo lomwe.

Apa mpamene pagona chinyengo cha mawu akuti "anthu ofikiridwa". Kawirikawiri nambala imeneyi saipeza powerenga anthu otunga madzi ayi. Amangotenga mijigo imene aika nkuchulukitsa ndi anthu okhala mozungulira. Mjigo ukawonongeka mawa, nambalayo imakhalabe mu lipoti. Choncho mukakumana ndi mawu monga "taika", "tagawa", "taphunzitsa", "tachititsa misonkhano", dziwani kuti mukuwerenga za thukuta la bungwe ndi momwe ndalama zayendera. Zimenezo nzofunika kwa wowerengera ndalama, sitikukana. Koma msonkhano wa masiku atatu kunyanja, ndi maalawansi ake omwe, sunadzazepo ndowa ya munthu.

Lipoti loona za mjigo liyenera kunena malita amene banja likutunga tsopano poyerekeza ndi kale, nthawi imene mai amataya pamzere, ndi mijigo ingati imene inali ikutulutsabe madzi patapita chaka kapena ziwiri. Mawu akuti "poyerekeza ndi kale" ndi amene amasowa kwambiri. M'midzi ina ya ku Mozambique anazula mijigo ya manja imene inkagwira ntchito nkuikapo PlayPump. Mu lipoti umenewo ndi mjigo watsopano, chitukuko. Pamudzipo madzi anachepa, ndipo ana akatopa kapena akakhala m'kalasi, amai ndi agogo ndi amene ankakankha gudumu lija. Mjigo wa Afridev umene tonse timaudziwa umadzaza ndowa msanga, mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi madola pafupifupi 14,000 a PlayPump imodzi, ndipo mabushi ndi marabala ake amisiri a m'dera amatha kusintha okha. PlayPump ikafa, anthu ankadikira amisiri ochokera kutali, mwina miyezi yambiri.

Onaninso amene wayeza, ndi tsiku limene anayeza. Alendo akafika ndi makamera, ana amathamangira kukazunguza gudumu, chithunzi nkutuluka chokongola. Zovuta zinaonekera pamene anthu ena osati eni ntchitoyo, kuphatikizapo a UNICEF mu 2007, anapita kukafunsa otunga madziwo. Pofika 2010 bungwe la PlayPumps International linali litapereka mijigo yake yotsala ku bungwe lina nkusiya ntchitoyo.

Ena adzati tikunyoza otithandiza, ndipo wopempha sasankha. Ife tikuti ndalamazo zinaperekedwa m'dzina la anthu a kumudzi, ndipo mudzi umene walembedwa kuti uli ndi madzi ukhoza kudumphidwa pamene ena akugawa mijigo chaka chamawa. Nchifukwa chake phungu, mtolankhani kapena mfumu akalandira lipoti, atsegule kumapeto kumene kuli mndandanda wa midzi, asankhe itatu yekha, apiteko osalengeza, ndowa ndi wotchi m'manja. Ngati lipotilo lilibe maina a midzi, alibweze kwa eni ake kuti akalembemo.