Nkhope ndi yako, thupi si lako: ukhale chete kapena ulankhule?

Tiyerekeze mayi wogulitsa nsomba ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue. Chithunzi chimene anajambulitsa paukwati n'kuchiika pa Facebook, munthu wina wadulapo nkhope n'kuimata pa thupi lamaliseche. Pofika madzulo chalowa m'gulu la WhatsApp la azimayi a pamsika. Achite chiyani?

Achibale ambiri amalangiza kukhala chete, ndipo maganizo awo ali ndi nzeru. Mayiyo akalengeza kuti chithunzicho n'chabodza, ngakhale amene sanachione amayamba kuchifunafuna. Ena amaopanso kupolisi, poti ungachoke kumeneko utachititsidwa manyazi kachiwiri, wopangayo osapezeka.

Koma kukhala chete kuli ndi mtengo wake. M'komboni mmene aliyense amadziwa mnzake, anthu amati wakhala chete chifukwa wavomera. Wopanga chithunzi akaona mantha amayamba kuitanitsa ndalama, ndipo wolipira kamodzi amauzidwa kulipiranso.

Ine ndikuona kuti chachikulu ndi kudziwa choyamba ndi chotsatira. Choyamba ndi umboni. Uthenga usanafufutidwe, mayiyo ajambule zimene zikuoneka pafoni: nambala ya wotumiza, dzina la gulu, tsiku ndi nthawi. Apezenso chithunzi chenicheni cha paukwati chija. Zizindikiro monga khungu losiyana pakhosi kapena ndolo yopindika zimathandiza, koma mapulogalamu a masiku ano amazibisa. Chithunzi choyambirira, chokhala ndi kumwetulira komweko ndi kupendeka kwa mutu komweko, ndicho chimatseka pakamwa otsutsa.

Kenaka achite zochotsa chithunzicho. Pa WhatsApp, kusindikiza Report kumatumiza ku kampaniyo mauthenga asanu omaliza a wotumizayo. Pa StopNCII.org, munthu wa zaka 18 kapena kuposa amasankha chithunzicho pafoni yake, ndipo chimene chimatumizidwa ndi chidindo cha manambala chokha, chimene Facebook, Instagram ndi TikTok amazindikirira chithunzicho. Njirayi siifika m'mauthenga a WhatsApp kapena m'mafoni amene anachisunga kale.

N'chifukwa chake apolisi amafunikabe. Apite ndi mboni ku ofesi ya VSU, yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo asachokeko opanda nambala ya mlandu. Kuyambira 2025 Zambia ili ndi lamulo latsopano la milandu ya pa intaneti, lolowa m'malo mwa la 2021. Ngati wachitiridwa zimenezi ndi mwana, musasunge kapena kutumiza chithunzicho. Imbani 116 ndi kupita kupolisi.

Zimenezi zikatheka m'pamene alankhule. Auze kaye amuna ake, makolo ndi woyang'anira gululo, asanamve kwa ena. Kugulu alembe kamodzi, mwachidule, osaikapo chithunzi chabodzacho: n'chopeka, nkhani ili kupolisi, ndipo wochitumiza kwa ena adzayankha mlandu limodzi ndi wochipanga.