Chigayo Chimakalamba Msanga Chikadali Chatsopano

Aliyense amene anayesapo kugulitsa njinga yamoto imene wayendera chaka chimodzi chokha akudziwa mawu amene wogula amayamba nawo: “Koma ndi yogwirapo kale ntchito.” Utoto ungakhale ukuwala, injini ikulira bwinobwino, koma mtengo wagwa kale, ndipo wagwa kwambiri kuposa mmene udzagwere pa chaka chachinayi kapena chachisanu. Mabuku ambiri a ndalama amene ophunzira athu akale amationetsa sasonyeza zimenezi. Amagawa mtengo wa makina mofanana pa zaka zonse, ngati mmene mayi amagawira nsima ana a msinkhu umodzi. Ife tikuona kuti pa makina oyenda ndi injini njira imeneyi imanamiza mwini wake, ndipo tikupempha kuti muziwerengera kutha kwa mtengo pa chotsala.

Tiyerekeze kuti alimi asanu a kuno ku Vubwi asonkha K60,000 nagula chigayo cha dizilo ku Chipata. Manambalawa ndi ongophunzirira. Inu muikepo a pa lisiti yanu. Akuyembekeza kuchigwiritsa ntchito zaka 5, kenako n’kuchigulitsa pa mtengo wa K10,000. Ndalama imene idzathere m’chigayocho ndi K50,000, ndipo njira zonse ziwiri zimavomereza zimenezi. Zimasiyana pa funso limodzi lokha: chaka chilichonse chisenze gawo lotani?

Njira ya mlingo wofanana imagawa K50,000 pa zaka 5, ndiye chaka chilichonse mumachotsa K10,000. Njira ya pa chotsala imasankha gawo lokhazikika, tinene 30 pa 100 iliyonse, n’kumalitenga pa mtengo umene watsala m’buku kumayambiriro kwa chakacho. Chaka choyamba gawolo likutengedwa pa K60,000 yonse, ndiye tikuchotsa K18,000 ndipo patsala K42,000. Chaka chachiwiri sitibwereranso ku K60,000. Tikutenga 30 pa 100 ya K42,000, imene ndi K12,600, ndipo patsala K29,400. Chaka chachitatu tikuchotsa K8,820, chachinayi K6,174, chachisanu pafupifupi K4,322. Pomaliza m’buku mwatsala K10,084, kufupi kwambiri ndi K10,000 ija.

Zifukwa zimene zaka zoyamba zimalemerera ndi ziwiri, koma ambiri amangodziwa chimodzi. Choyamba ndi chodziwikiratu: gawo silisintha, koma chimene tikutengapo gawolo chimachepa chaka ndi chaka, choncho chaka choyamba ndicho chimasenza zambiri. Chachiwiri ndi chakuti gawolo liyenera kukhala lalikulu kuyambira pa chiyambi. K10,000 ya njira yofanana ija ndi pafupifupi 17 pa 100 ya mtengo wogulira. Mukatenga 17 yomweyo n’kumaigwiritsa ntchito pa chotsala, pakutha pa zaka 5 buku lidzasonyeza kuti chigayo chikadali cha K23,600, pamene pa msika ndi cha K10,000. Popeza zaka zomaliza zimachotsa zochepa, zaka zoyamba ziyenera kunyamula zimene zomalizazo zidzalephere. Ndi chifukwa chake tinasankha 30. Kulakwitsa kumeneku timakupeza kawirikawiri, ndipo n’kosavuta kukugwira. Tengani foni, lembani mtengo wogulira, muuchulukitse ndi 0.7 kasanu ngati gawo lanu ndi 30, kapena ndi 0.8 ngati ndi 20. Yankho likatalikirana ndi mtengo umene mukuganiza kuti mudzagulitsira, sinthani gawolo muyesenso.

Tsono nkhani imakula pamene mmodzi mwa alimi asanu aja afuna kutuluka m’gulu patapita zaka ziwiri, mwina chifukwa akusamukira ku Sinda. Buku la njira yofanana likuti chigayo ndi cha K40,000, ndiye gawo lake ndi K8,000. Buku la pa chotsala likuti ndi cha K29,400, ndiye gawo lake ndi K5,880. Kusiyana kwake ndi K2,120, ndipo ndalama imeneyi idzachokera m’matumba a anayi otsala aja. Ngati wogula weniweni sangapereke K40,000 pa chigayo cha zaka ziwiri, ndiye kuti wochokayo watenga ndalama imene kulibe, ndipo anzake atsala ndi makina amene ayamba kufuna kwa makanika. Mikangano yotere imafika mpaka kwa anyakwawa ndi kwa akulu a mpingo, pamene gwero lake ndi mzere umodzi wa m’buku.

Kukonza n’kumene kumatitsimikizira kwambiri. Chigayo chatsopano chimafuna oyilo, lamba ndi sefa basi. Tinene K2,000 pa chaka. Pofika chaka chachisanu nyundo zatha kangapo, mabelingi akulira, injini ikufuka utsi ndipo ikufuna kutsegulidwa, tinene K11,000. Pa njira yofanana, chaka choyamba chisenza K12,000 pophatikiza kutha kwa mtengo ndi kukonza, chachisanu K21,000. Gulu limaona phindu lalikulu poyamba, limagawana mosangalala, kenako limadabwa kuti bizinesi ikufa pamene anthu odzagayitsa sanachepe. Pa njira ya pa chotsala, chaka choyamba chisenza K20,000, chachisanu pafupifupi K15,300. Katunduyo sakulingana ndendende, koma phindu lonama la poyamba lija lachepa. Kwa ife amene timabweza chakhumi pa phindu, tinene mosabisa kuti pa zaka zonse 5 phindu ndi limodzimodzi pa njira zonse ziwiri; chimene chimasintha ndi chaka chimene likuonekera.

Amene amatsutsa ali ndi mfundo, ndipo sitiipeputsa. Amati kwacha ikagwa mphamvu, makina akale amakwera mtengo, mwakuti chigayo cha zaka zitatu chikhoza kugulidwa pafupi ndi mtengo umene chinagulidwira. Zimachitikadi. Koma funsani mtengo wa chatsopano tsiku lomwelo: nachonso chakwera, ndipo mpata pakati pa chakale ndi chatsopano ukadalipo. Chigayo chakalambabe, imene yasintha ndi ndalama.

Mfundo yolimba kuposa imeneyi ndi ya chilala. Mu nyengo ya 2023 mpaka 2024 mvula inadula, ndipo pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Chaka chotere chimanga chodzagayitsa chimachepa, koma njira ya pa chotsala sidziwa za mvula: chikakhala chaka choyamba, ichotsabe K18,000 ngakhale chigayo chitangokhala. Pamenepo buku lidzasonyeza kutaya kwakukulu, ndipo n’kwanzeru kusunganso kaundula wa maola amene injini yagwira ntchito, kuti mudziwe gawo limene latha ndi ntchito ndi limene latha ndi ukalamba chabe.

Sitikunena kuti chilichonse chiwerengedwe motere. Khola la njerwa, nkhokwe ya simenti kapena mpanda wa waya zimatumikira mofanana chaka ndi chaka, ndipo njira yofanana imaziyenera. Njira ya pa chotsala sifikanso pa ziro, choncho pa chinthu chimene chidzangotayidwa muyenera kuchotsa chotsala chonse m’chaka chomaliza. Pa za msonkho, bungwe la ZRA lili ndi malamulo ake a mmene makina amachotsedwera, ndipo silitsata njira imene mwasankha m’buku lanu.

Kulemba K18,000 m’buku sikuika ngwee ngakhale imodzi m’thumba. Gulu likafuna kudzagula chigayo china, liyenera kupatula ndalamayo pa zimene lapeza lisanayambe kugawana, ndipo chaka choyamba, pamene makanika sanayambe kubwera, ndicho chaka chimene kupatulako n’kotheka. Njira ndi gawo zilembedwe m’malamulo a gulu tsiku logula, onse asanu asayine, ndipo zisasinthidwe pa tsiku limene wina wanena kuti akuchoka.