Wailesi Imadutsa Khoma, Koma Imamira M'nyanja ya Mchere

Ku Yeovil, mumzinda wa Mutare, munthu atha kutseka zitseko ndi mazenera onse koma wailesi yake n'kumalankhulabe, pakuti mafunde a wailesi amadutsa njerwa mosavuta. Koma mafunde omwewo akafika kunyanja ya mchere ku Beira, salowa m'madzi ngakhale kuya kwa mkono umodzi.

Chifukwa chake ndi mchere. Madzi amchere amayendetsa magetsi kuposa madzi a nyanja ya Malawi koposa ka 100. Funde la wailesi likalowa m'madzi otere limagwedeza tizidutswa ta mchere tonyamula magetsi, ndipo mphamvu yake imasanduka kutentha. Akatswiri amayeza kutha kumeneku ndi muyeso wotchedwa kuya kwa khungu, ndiko kuti mtunda umene funde limayenda m'madzi lisanachepe kufika pa magawo 37 mwa 100 a ukulu wake. Dzinali n'loyenera ndithu, popeza funde limangokhudza pamwamba ngati khungu.

Kuyaku kumadalira kuchuluka kwa maulendo amene funde limagwedera pa sekondi, amene amawerengedwa m'mahetsi. M'madzi amchere, kuya kwa khungu m'mamita kumapezeka motere, f kukhala mahetsiwo:

```
δ ≈ 250 / √f
```

Wailesi za FM zimaulutsa pafupifupi pa mahetsi 100 miliyoni, ndipo yankho lake ndi masentimita awiri ndi theka basi. Funde likatsika masentimita 25, lachepa kakhumi motsatizana, ndipo latsala gawo limodzi mwa magawo 22,000. Foni yam'manja, imene mafunde ake amagwedera mofulumira koposa, ndiye isatchulidwe n'komwe.

Nkhaniyi inaoneka kulemera kwake pa 28 Novembala 1987, pamene ndege ya ku South Africa yotchedwa Helderberg inagwa m'nyanja kufupi ndi Mauritius, n'kupha anthu onse 159. Kabokosi kosunga mawu a oyendetsa kanagona pansi pa madzi akuya mamita pafupifupi 4,900. Timabokosi totere timaitana ofufuza ndi kachipangizo kotulutsa phokoso la mahetsi 37,500, osati wailesi. Likanakhala funde la wailesi la mahetsi omwewo, kuya kwa khungu kukanakhala mita imodzi ndi masentimita 30, pamene phokoso limamveka makilomita awiri kapena atatu. Batire la kachipangizoko linali la masiku 30 okha ndipo linatha ofufuza asanakamve. Zigumuka za ndegeyo zinapezeka ndi makina otumiza phokoso pansi pa nyanja, ndipo kabokosiko kanavuulidwa mu Januwale 1989.

Asilikali okha ndiwo aumirira wailesi. Dziko la Amereka linkatumiza mauthenga ku sitima zake zapansi pa madzi pa mahetsi 76, pamene kuya kwa khungu kumafika mamita pafupifupi 29. Mtengo wake unali waukulu: mawaya oulutsira otalika makilomita ambirimbiri, ndiponso zilembo zitatu zokha zinkatenga mphindi zingapo kuti zifike. Malo oulutsirawo anatsekedwa mu 2004.