Loko wa pasitolo: yang'anani khosi lake, osati kunyezimira

Amayi anzanga, sabata ino tikambirane za chitseko cha sitolo. Ambiri a inu muli ndi golosale kapena okala imene munaitsegula ndi ndalama za mtedza kapena za ngongole ya pagulu. Sopo, shuga ndi mchere zimene zili m'menemo ndizo fizi ya ana ndi ndiwo za pakhomo. Komatu dzuwa likalowa, chuma chonsecho mumachisiya m'manja mwa kachitsulo kamodzi kopachika pachitseko.

Mayi wina wa kwathu anagula loko wamkulu, wonyezimira ngati golide, nagona mtima uli m'malo. Tsiku lina m'mamawa anapeza chitseko chili pululu, katundu atapita. Lokoyo anali pansi, thupi lake lili bwinobwino, ngakhale kiyi ankatembenuka monga kale. Chimene chinadulidwa ndi chitsulo chopindika chija chimene timachikoloweka pachitseko, chimene pano tichitcha khosi la loko. Titaliyeza tinapeza kuti linali lonenepa mamilimita 6 okha, linali lalitali moti zala zitatu zinkalowa mosavuta, ndipo podulidwapo panali pofinyika ngati waya wa mpanda. Mbala sinavutike ndi makiyi. Inabwera ndi chisizasi chachikulu chodulira zitsulo, nikanikiza kamodzi. Phunziro lake ndi lakuti loko amagulidwa poyang'ana khosi: likhale lolimba, lonenepa ndi lobisika.

Tiyambe ndi kulimba. Maloko otsika mtengo amakhala ndi khosi la chitsulo wamba, chofewa, chongopakidwa zonyezimira pamwamba, ndipo sowo yodulira zitsulo imalidya mosavuta. Khosi labwino ndi la chitsulo chimene chinalimbitsidwa pamoto kufakitale, ndipo kawirikawiri pamadindidwa mawu akuti HARDENED. Loposa pamenepo ndi la chitsulo chosakaniza ndi boroni, chimene chimavuta kwambiri kudula. Palinso khosi la chitsulo chosachita dzimbiri. Limeneli ndi labwino kumalo achinyontho monga kunyanja, koma nthawi zambiri silifika pa kulimba kwa awiri enawo, choncho lifunika kukhala lobisika bwino.

Musakhulupirire chidindo chokha, pakuti opanga zinthu zachinyengo nawonso amadziwa kudinda. Bwerekani tupa kwa mmisiri, ndipo mutapempha chilolezo kwa wogulitsa, ikhuleni pang'ono pakhosipo. Pachitsulo cholimba tupa imangoterereka, osasiya kanthu koposa kamzere kosaoneka bwino. Ikaluma ndi kutulutsa tizidutswa, bwezani lokoyo. Wogulitsa akakana, yesani mukangofika kunyumba, musanamupachike pasitolo.

Chachiwiri ndi kunenepa. Khosi la mamilimita 6 kapena 7 ndi loyenera sutikesi, kabati kapena khola la nkhuku. Pachitseko cha sitolo funani la mamilimita 10 kapena kuposa, ndiko kuti lonenepa kuposa pensulo ya mwana wa sukulu. Chenjerani ndi nambala yolembedwa pathupi la loko, monga 50 kapena 60. Nambala imeneyo ikunena za m'lifupi mwa thupi, osati za khosi, ndipo loko wa 50 kawirikawiri khosi lake limakhala cha m'ma 8 basi. Tengani rula ya mwana muyeze nokha. Komanso musanagule yezani bowo la pachitseko chanu, kuopa kubwera ndi loko amene salowa.

Chachitatu, chimene ambiri sachiganizira, ndi kubisika kwa khosi. Chisizasi sichingadule chinthu chimene sichingachilume, ndipo mgwala sungakanule pamene palibe mpata wolowera. Khosi lalitali lili ngati kuitana mbala. Sankhani loko amene thupi lake linakwera m'mbali ngati mapewa, nkusiya kampata kakang'ono kokha kokolowekera. Ena ndi ozungulira ngati chitumbuwa, ndipo ena ndi amakona anayi okhala ndi kamtengo kachitsulo kowongoka, oyenera zitseko zachitsulo zotsitsa kuchokera pamwamba. Loko wotere akalowa m'malo mwake, khosi limatsala pang'ono kusaoneka konse.

Tsopano thupi. Lolimba koposa ndi losemedwa kuchokera ku chitsulo chimodzi chathunthu. Thupi lopangidwa ndi timapepala tachitsulo tosanjikiza ndi kukhomerera limapirira hamala ndithu, koma madzi amalowa m'mipata yake ndipo dzimbiri silichedwa. La mkuwa silichita dzimbiri, koma ndi lofewa, losavuta kuboola kapena kucheka, motero liyenera chitseko cha m'kati. Choopsa ndi thupi la zinki kapena la chitsulo choumba chopakidwa utoto wa mkuwa, pakuti limasweka ndi hamala. Maginito akamamatira pathupi looneka ngati mkuwa, dziwani kuti si mkuwa. Akapanda kumamatira, kandani pang'ono kunsi kwake: mkuwa weniweni ndi wachikasu mpaka m'kati, pamene zinki amaoneka wotuwa.

Musanapereke ndalama, tsegulani loko muone miyendo iwiri ya khosi. Loko wabwino amakhala ndi kamphako pa mwendo uliwonse, kusonyeza kuti amagwira mbali zonse ziwiri. Timphako tozungulira bwino tisonyeza kuti m'kati muli timipira tachitsulo, timene sitibwerera m'mbuyo ngakhale loko amenyedwe kapena wina alowetsemo kalata kopyapyala. Ubwino wina ndi uwu: loko wogwira mwendo umodzi akadulidwa kamodzi amatseguka, koma wogwira miyendo yonse kawirikawiri amafuna kudulidwa kawiri. Ngati paketi yake yalembedwa muyeso wa ku Ulaya wa EN 12320, umene uli ndi magiredi 1 mpaka 6, sankhani giredi 3 kapena 4.

Kumbukiraninso kuti loko sangapose chomwe wakolowekedwapo. Chitsulo chokolowekamo loko chikakhala chopyapyala, chokhomedwa ndi misomali kunja, mbala ingochizula nkusiya loko ali chitsekere. Uzani mmisiri aike chitsulo chokhuthala, chomangidwa ndi mabawuti a mitu yosalala oboola chitseko ndi kumangidwira m'kati. Ngati chitseko ndi chachitsulo, wowotcherera akupangireni kabokosi kophimba loko, kotseguka kunsi kokha kuti dzanja ndi kiyi zilowe. Mayi wathu uja anachita zomwezo: anagula loko wa thupi lachitsulo, wa mapewa, wa khosi la mamilimita 11 limene tupa inalephera kuluma, namubisa m'kabokosi.

Ndisakunamizeni, palibe loko wosadulika. Masiku ano kuli makina odulira zitsulo oyendera batire amene amadya ngakhale boroni. Koma makinawo amalira kwambiri ndi kuthetheka moto, ndipo mbala imadana ndi phokoso ndi kuchedwa. Ntchito ya loko wabwino ndi kukakamiza wakuba kuti achite phokoso lodzutsa mlonda, agalu ndi anansi. Tsono mawa mukapita kukatsegula sitolo, musanalowetse kiyi, yesani kulowetsa zala zanu pakhosi la loko. Zikalowa ziwiri momasuka, dziwani kuti chisizasi cha mbala nachonso chilowa.