Mwala woyera wa mwana wa Fomu 2

Lolemba lapitali mnyamata wina wa Fomu 2 anabwera ndi mwala woyera mbuu atakulunga m'kansalu. Anautola m'mphepete mwa mtsinje wa Likhubula. Bambo ake anamva kuti mwala wotere ndi mabo, umene olemera amayala pansi m'nyumba zawo, ndipo anali atayamba kale kuganiza zobwereka ndalama kuti alembe aganyu okumba. “Aphunzitsi, akuti muuone kaye,” anatero mwanayo.

Ndinaukanda ndi msomali, koma sunakandike; msomaliwo ndi umene unasiya mzere wotuwa. Ndinadonthezapo viniga, zii. Umenewu unali mwala wa kwotsi, wofala ngati mchenga. Mabo ndi wofewa: msomali umaukanda, ndipo ukaupala kukhala ufa n'kudonthezapo viniga, umachita thovu.

Chimachititsa thovulo n'chiyani? Mabo poyamba amakhala mwala wa laimu, umene nthawi zambiri umapangidwa pansi pa nyanja ndi zigoba za tizilombo ta m'madzi. Mwalawu ukakwiririka makilomita ambiri pansi, umakumana ndi kutentha, pakuti pa kilomita iliyonse imene watsika kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 25. Apa ndi pamene ana anga amalakwa pa mayeso: amalemba kuti mwalawo umasungunuka. Ayi, susungunuka. Timibulu take tating'ono timangolumikizana n'kukula, mwalawo uli chiumire, mpaka ukauswa umanyezimira ngati shuga. Zizindikiro za zigoba zija zimafufutika, koma chimene chinapanga mwalawo sichisintha. N'chifukwa chake mabo ndi mwala wa laimu zonse zimachita thovu.

Funso labwino linachokera kwa mtsikana wina amene kwawo ndi ku Balaka. Anati kumapiri a Chenkumbi anthu amaotcha miyala yomweyi ndipo imasanduka laimu wopaka nyumba. Nanga pansi pa nthaka bwanji siisanduka laimu? Yankho ndi kupanikizika. Mu uvuni, pa madigiri pafupifupi 900, mpweya umene uli m'mwalamo umathawa, n'kutsala laimu. Pansi pa nthaka mpweyawo ulibe kothawira chifukwa cha kulemera kwa miyala ya pamwamba. Ndipotu miyala ya ku Chenkumbi, ngakhalenso ya ku Changalume ku Zomba imene inkapangidwa simenti, ndi mabo kale, ngakhale timangoitcha miyala ya laimu.

Sileti, limene agogo athu ankalembapo ku sukulu za mishoni, nkhani yake ndi ina. Limachokera ku matope amene anauma n'kukhala mwala wofewa wotchedwa shelo, wonga umene umapezeka pamodzi ndi malasha ku Mchenga ku Rumphi. Silifuna moto wambiri, madigiri 200 mpaka 300 akwana. Chimene chimagwira ntchito yaikulu ndi kufinyika kochokera mbali ziwiri, pamene zigawo za dziko zikukankhana.

Kuti ana aone, ndinatenga dongo n'kusakanizamo nthanga za maungu, kenaka ndinalifinya pakati pa matabwa awiri. Titalidula, nthanga zambiri zinali zitagona chafufumimba, kulozera kumodzi. Timibulu ta m'matope nato ndi taphanthiphanthi ngati nthangazo, choncho tikafinyika timagona mofanana, ndipo mwalawo umang'ambika m'mapale opyapyala osalala. Timibulu ta mabo ndi tobulungira ngati nyemba. Ufinye bwanji, palibe mbali imene tingagonere. Ndiye chifukwa chake mabo amasemedwa koma sileti limang'ambidwa. Posiyanitsa sileti ndi shelo, gogodani: sileti limalira ngati mbale, shelo imangoti phu, ndipo mvula ikaimenya imayamba kunyenyeka.

Nanga kuno kwathu? Phiri la Mulanje, mpaka pa Sapitwa pa mamita 3,002, si mwala wosinthika. Linali chiphalaphala chimene chinazizira pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo. Miyala yosinthika ili m'zigwa zolizungulira, ija ya mizeremizere yoyera ndi yakuda. Koma imeneyo inapsa kwambiri, kupitirira patali mlingo wa sileti, ngati nsima yoiwalika pamoto. Choncho musataye nthawi kufunafuna sileti m'minda ya tiyi.

Ndimadandaula kuti timaphunzitsa zinthu izi pa bolodi pokha, ana n'kuloweza mayina a miyala imene sanaigwirepo, pamene msomali ndi viniga zili pa golosale iliyonse. Mnyamata uja ndinamubwezera mwala wake, pamodzi ndi msomali ndi kabotolo ka viniga, kuti akayese yekha pamaso pa bambo ake. Lachitatu anandiuza kuti bambowo anayesa miyala isanu, kenaka anapita kukapalira chimanga.