Pakote ili m'manja, nanga kiredito akupita kuti?

M'mwezi wa Meyi chaka cha 2024, bungwe loyang'anira za matelefoni m'dziko muno la INCM linakhazikitsa mitengo yatsopano yoimbira foni ndi ya intaneti, ndipo mapakote opanda malire amene anthu anawazolowera anasowa. Achinyamata anachita zionetsero ku Maputo, boma linalowererapo, ndipo patapita masabata ochepa mitengoyo inaimitsidwa. Mkangano wonsewo unali wa mtengo wa pakote. Koma kwa mlimi wa ku Calómuè, ku Tsangano kapena ku Zóbuè, ndalama za foni sizithera pa pakote pokha. Zina zimatuluka mwakachetechete kudzera mu zinthu zoonjezera zimene pakoteyo siphatikiza, ndipo izi sizinamveke kwenikweni pa mkanganowo.

Kuchigayo tonse tikudziwa kuti kugaya ndi mtengo wake, kukonola ndi mtengo winanso. Pa chapa, munthu amalipira mpando, koma thumba la kachewere limalipiridwa padera. Pa foni ndi chimodzimodzi, kungoti palibe kondakitala wokuuzani pamaso kuti "ichi ndi chapadera".

Mu simu khadi yanu, kaya ndi ya Vodacom, Movitel kapena Tmcel, muli nkhokwe ziwiri. Yoyamba ndi kiredito, amene abale athu a kutsidya amati mayunitsi: izi ndi ndalama zenizeni zimene mwathira. Yachiwiri ndi pakote, ndiye kuti mphindi, ma SMS ndi mamega amene mwagula ndi gawo la kireditoyo kuti mugwiritse ntchito tsiku limodzi, sabata kapena mwezi. Chilichonse chimene chinalembedwa mu pakote chimatapidwa mu nkhokwe yachiwiri. Chimene sichinalembedwe chimapita kukatapa mu nkhokwe yoyamba. N'chifukwa chake munthu amatha kukhala ndi mphindi zambiri zotsala koma kiredito atatheratu.

Kwa ife okhala m'malire, choonjezera chachikulu ndi kuimba kutsidya. Kuchokera ku Calómuè kukafika ku Dedza ndi pafupi, ena amapita pa njinga m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanapendeke. Koma foni siyang'ana mtunda, imayang'ana nambala. Nambala yoyamba ndi +258 ndi ya m'dziko muno; yoyamba ndi +265 ndi ya ku Malawi, ndipo kuimbira imeneyo ndi kuimba kunja kwa dziko. Mphindi za mu pakote wamba ndi za m'dziko muno, ndipo zina zimakhala za netiweki imodzi yokha. Choncho mukaimbira wogula nyemba wa ku Lizulu, mphindi zanu zimangokhala chikhalire, kiredito ndiye akudyeka pa mtengo wa kunja. Mphindi zoimbira kunja zimagulidwa pazokha, ndipo musanagule onetsetsani kuti dziko la Malawi latchulidwa.

Palinso vuto lina limene anthu a ku Tete m'tauni salidziwa. M'midzi ya m'mphepete mwa malire, mlongoti wa Airtel kapena TNM wa ku Malawi nthawi zina umafika mwamphamvu kuposa wa kwathu. Foni ikasiyidwa kuti izidzisankhira netiweki, ndipo simu yanu ili yololedwa kugwira ntchito kunja, imatha kulumphira kutsidya inu muli m'dimba mwanu. Pamenepo kampani imakuwerengerani ngati muli paulendo kunja kwa dziko. Pakote yanu sigwira ntchito, ndipo ngakhale kuyankha foni kumene, kumene kuno n'kwaulere, kungathe kukudulani kiredito. Chizindikiro chake ndi chilembo cha R pamwamba pa foni, kapena dzina la kampani lachilendo, kapena uthenga wokulandirani m'dziko la Malawi inu musanawoloke.

Ambiri amathimitsa "Roaming de dados" n'kuganiza kuti athana nazo. Zimenezo zimatseka intaneti yokha. Kuimba ndi ma SMS zimapitirirabe. Chothandiza kwenikweni ndi kulowa pamene foni imasankhira netiweki, kuchotsa pa "Automático" n'kusankha nokha dzina la kampani yanu. Kuipa kwake n'koti pamalo pamene mlongoti wa kwathu sufika, foni idzangokhala chete. Amene amachita malonda mbali zonse ziwiri anapeza kale njira yawo: simu ziwiri, ina ya kuno, ina ya kutsidya.

Zoonjezera zina ndi zing'onozing'ono, koma zimabwera tsiku ndi tsiku: nyimbo imene wokuimbirani amamva podikira, mauthenga a zigoli za mpira, mipikisano ya mafunso, timasewera. Kusiyana kwake ndi pakote n'koti pakote wamba mumaigula, masiku ake akatha yatha. Zoonjezerazi zambiri ndi zolembetsa, zimadzikonzanso zokha mpaka mutaziletsa. Kulembetsako kumachitika mosavuta kwambiri. Uthenga umatulukira pa foni m'Chipwitikizi, munthu afuna kuuchotsa, wadina "OK". Kapena mwana wabwereka foni madzulo.

Tiyerekeze ndi manambala, osati mitengo yeniyeni ya kampani iliyonse. Mayi wina wagulitsa ndowa ya soya, wathira kiredito wa mametikali 100, wagula pakote ya sabata ya 50. Watsala ndi 50, amene akusungira pakote ya sabata yamawa. Pa simu yake pali mauthenga olembetsa odula mametikali 3 patsiku. Pa masiku 7 apita 21. Lachitatu waimbira mchemwali wake ku Ntcheu mphindi 2, tinene pa 10 mphindi iliyonse, apita 20. Sabata ikamatha watsala ndi 9, pamene mphindi za mu pakote sanazimalize n'komwe. Tsopano akubwereka kiredito wa 20, ndipo ngongole yotereyi nayonso ndi choonjezera chokhala ndi kachiwongoladzanja kake, tinene 2. Akadzathira 50, kampani idzayamba yadula 22, atsale ndi 28, osakwana pakote. Mametikali 3 aja, amene palibe amawadandaula, pa chaka amakwana 1,095.

Kudziwa ngati simu yanu ikudontha sikufuna katswiri. Onani kiredito madzulo ndi kulemba nambalayo. Thimitsani intaneti, musaimbe, musatumize uthenga kwa tsiku lathunthu, kenaka onaninso. Ngati watsika, pali cholembetsa. Zina zimadula kamodzi pa sabata, choncho yang'ananinso mauthenga akale ochokera ku manambala afupiafupi, makamaka okhala ndi mawu oti "subscrição" kapena "renovação". Kawirikawiri momwemo mumakhala njira yoletsera. Zikakanika, pitani ndi chiphaso chanu ku sitolo ya kampaniyo, muwapemphe akuwerengereni zonse zolembetsa pa nambala yanu ndi kuchotsa zimene simukuzifuna. Njira ina yachidule ndi kusasunga kiredito wambiri mu simu: ndalama zikhale mu M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, muzigula pakote pa nthawi imene mukuifuna.

Sikuti choonjezera chilichonse n'choipa. Mphindi zoimbira ku Malawi pa nyengo yogulitsa kachewere zingabweze ndalama zake ndi foni imodzi yokha, ngati yakuuzani mtengo wa pa msika musanakweze matumba. Chovuta ndi choonjezera chimene mwini foni sakudziwa kuti ali nacho. Apa ndi pamene INCM ndi makampani ali ndi ntchito yotsala. Uthenga wolembetsa umabwera m'Chipwitikizi kwa anthu amene ambiri amawerenga bwino Chinyanja, kulowa kumafuna kudina kamodzi, koma kutuluka nthawi zina kumafuna ulendo wa ku Ulónguè, umene mtengo wa chapa wake umaposa kiredito amene munthu akupita kukadandaula.