"Ndasangalala" alibe tsiku

Mwezi wa Juni ndinakhala masabata atatu ndikumasulira mawu awiri ngati ndi loto la agogo. Mawu ake anali akuti "ndasangalala kwambiri". Anandiuza ndi mnyamata wina wa ku Lilongwe titaima pasiteji pa Dedza boma, chifunga chayamba kale kutsika m'phiri, iye atavala juzi yanga chifukwa anabwera ndi kamalaya kopyapyala ngati akupita ku Salima. Tinali titamwa tiyi ku Dedza Pottery, kenako tinayenda wapansi mpaka kumsika n'kudya tchipisi cha pachiwaya, cha kachewere wathu weniweni. Tinaseka, osanama. Minibasi itadzaza anandibwezera juzi n'kunena mawu aja. Atafika analembanso pa WhatsApp, mawu omwewo, ndi kamtima kumapeto.

Kuyambira pamenepo, "mwadzuka bwanji" ankabwera, kawirikawiri ndikayamba ndine. Masitetasi anga ankawaona onse. Koma zoti tidzaonanenso liti, zii.

Lero mkwiyo wanga suli pa iyeyo kwenikweni. Uli pa maloya ake, anzanga omwe, amene anamuimirira pamlandu osamudziwa n'komwe. Mukuwadziwa, nanunso muli nawo. Umawatumizira chithunzi cha macheza anu, iwo n'kuyamba kulalikira.

Woyamba anati, "Asisi, mwamunayo ndi wamanyazi basi." Wamanyazi uti? Munthu anakwera minibasi makilomita oposa 80 pa M1 kudzakumana ndi mkazi amene anangomuona kamodzi paukwati. Manyaziwo anali kuti tsiku loyamba? Kupempha koyamba ndiye kumalemera, chifukwa sudziwa ngati akukana. Kwachiwiri, mkazi atakubwereka juzi yake iye n'kumanjenjemera, sikufuna kulimba mtima kulikonse.

Wachiwiri anati ndi ndalama. Apa ndinamvetsera, chifukwa mfundoyi ndi yoona kwa ambiri. Thiransipoti yopita ndi kubwera, tiyi, chakudya cha anthu awiri, pa malipiro a mnyamata amene wangoyamba ntchito, si zocheza. Ndipo anyamata athu anaphunzitsidwa kuti kunena kuti "ndilibe" kwa mkazi ndi imfa. Koma taonani mmene munthu wofuna koma wosowa amayankhulira. Amati, "mwezi uno zandithina, koma ukatha ndibwera." Amati, "mukadzabwera ku Lilongwe mudzandiuze." Amaimba foni usiku bandulo ikatsika mtengo. Umphawi umasintha malo ndi tsiku, kuchoka ku tiyi wa pa Pottery kupita ku chimanga chootcha pa Chimbiya. Suchotsa tsikulo.

Wachitatu ndiye anandipsetsa mtima zedi, chifukwa anabisala kumbuyo kwa makolo. Akuti ife Achewa ndi Angoni sitinena zinthu mwachindunji, ndiye uyenera kudikira, kufunsa n'kudzitchipitsa. Ndi zoona kuti sitikonda kumuuza munthu "ayi" pamaso. Wogulitsa kabichi pa Bembeke ukamuuza kuti "ndibweranso", nonse awiri mumadziwa kuti subweranso, ndipo palibe wakhumudwa. Koma kafunseni agogo anu mmene kufunsira kunkayendera. Mnyamata akafunsira, mtsikana ankati akaganize kaye, ngakhale mtima utavomera kale. Mnyamatayo ankabweranso kudzamva yankho. Akalolana, pankaperekedwa chikole, kenako nkhani n'kufika kwa amalume, ankhoswe n'kukumana. Mawu ankazungulira, inde, koma sitepe iliyonse inali ndi yotsatira yake yodziwika. Mnyamata amene sanabwerenso kudzamva yankho, mudzi wonse unkadziwa tanthauzo lake, panalibe womasulira. Ndiye musandiuze kuti kukhala chete uku ukuona masitetasi a munthu ndi chikhalidwe chathu. Chikhalidwecho chinali ndi tsiku lobwerera.

Vuto lili apa: "ndasangalala" amanena za dzulo. Ndi mawu othokoza, ofanana ndi amene mlendo amanena akamasamba m'manja atadya nsima kwanu. Akhoza kukhala oona ndithu. Ndikukhulupirira kuti mnyamata uja anasangalaladi, tchipisi chinali chotentha ndipo ine ndimaseketsa. Koma munthu atha kusangalala nawe masana amodzi osafuna masana ena. Ife timatenga mawu a dzulo n'kumawafinya kuti atulutse mawa, ngati kufinya chitsulo kuti chituluke mafuta.

Ndisaname, nanenso ndinawagwiritsapo ntchito mawuwa. Mkulu wina anandiperekeza kukaona zojambula za pamiyala ku Chongoni, zija UNESCO inaziika pamndandanda wake mu 2006, ndipo ulendo wonse anayankhula za galimoto yake. Pobwerera ndinati ndasangalala. Ndinkafuna kufika kunyumba bwinobwino, ndipo mkazi ali m'galimoto ya mwamuna amene sakumudziwa bwino, pamsewu wafumbi, dzuwa likulowa, sayamba kupereka malikisi. Anyamata, ichi chimveni: "ndasangalala" wa pamaso nthawi zina ndi lamba wa chitetezo. Ndipo atsikana ambiri, ngakhale atakufunani, sangayambe kunena za kukumananso chifukwa anakula akuuzidwa kuti mkazi sayamba. Choncho ngati inu simunafunse, musadandaule kuti sananene. Simunamupatse funso loti ayankhe.

N'chifukwa chake ndikuti njira ndi imodzi, kwa mwamuna kapena mkazi: funsa kamodzi, ndipo funsolo likhale ndi tsiku ndi malo. "Tidzaonane nthawi ina" si funso, aliyense amayankha kuti "eya, tidzaonana" mpaka Yesu adzabwere. Sabata yachitatu ine ndinalemba chonchi: "Loweruka likubwerali ndikubwera ku Lilongwe kudzagula zinthu. Muli ndi mpata masana tidye limodzi?" Onani kuti ndinachotsa zifukwa zonse za maloya aja. Wamanyazi sakufunikanso kuyamba. Wosowa ndalama sakulipira minibasi. Chatsala n'kufuna basi.

Mayankho a funso lotere alipo atatu okha. "Eya." Kapena "Loweruka sindingathe, nanga Lamulungu?" Awiriwa ndi amodzi, chifukwa wokana tsiku n'kupereka lina wakana tsikulo, osati iweyo. Lachitatu ndi lija lopanda tsiku: "ndikuuzani", "tiona mmene zikhalire", "wikendi ino ndatanganidwa" osawonjezera kanthu. Limeneli ndi "ayi" wovala jekete la kutchalitchi.

Langa linabwera patatha maola asanu ndi limodzi, timizere titasanduka kale tabuluu: "Aaa zabwino zimenezo, ndikuuzani." Lachisanu usiku sanandiuze. Loweruka ndinapita, ndinagula zanga, ndinadya ndekha, ndinakwera minibasi yobwerera. Tili pa Linthipe foni inalira. Anali ataona sitetasi yanga ya m'tauni n'kuikapo kamoto.

Zinandiwawa, ndisakunamizeni. Koma zinawawa madzulo amodzi, pomwe kumasulira kunandidya masabata atatu ndi mabandulo angapo. Loya wachitatu uja nditamuonetsa, anati mwina ndinamuopseza pofunsa. Mwamuna amene angathawe chifukwa mkazi wamuitanira nkhomaliro, ndimutani ine kuno kozizira? Ndinamuyankha kuti akamufuna ndimupatsa nambala.

Mnyamata uja analembanso mu Ogasiti, "mwasowatu". Ndinayankha kuti ndilipo, ku Dedza konkuno, ndipo minibasi zikuyendabe.